Kalata yopempha kuonjezeredwa masiku a lipoti: ndionereniko ndisanatumize

Tiyamike: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maso. Ndili chaka chomaliza, kosi ya maphunziro a zaumbanda, ndipo lipoti la kafukufuku likufunika Lachisanu pa 14 Novembala. Mutu wanga ndi wa anthu amene amabwereranso kundende kachiwiri. Ndinakonza zocheza ndi akaidi 16 ndi asilikali a ndende 4, koma pofika lero pa 28 Okutobala ndacheza ndi akaidi 6 ndi asilikali 2 basi. Kalata imene ndalembera asupavaiza ndi iyi, ndaiika m'Chichewa kuti tonse timvane:

"Okondedwa Adokotala, ndikhulupirira muli bwino. Ndikupempha kuti mundionjezereko nthawi yoperekera lipoti langa chifukwa ndakumana ndi mavuto ambiri pa kafukufuku. A kundende anachedwetsa kwambiri chilolezo ndipo mpaka pano sakundithandiza bwino. Chonde mundimvere chisoni, ndiyesetsa kumaliza mwamsanga."

Ili bwino, kapena ndionjezere chiyani?

Chikondi wa ku Chikanda: Ili bwinobwino asisi, tumizani. Ma lekichara safuna ndakatulo. Ingochotsani "mundimvere chisoni", zikumveka ngati mukupempha ya sopo.

aPhiri a ku Matawale: Chikondi wanena zoona pa za kufupika, koma kalatayi isapite momwe ililimu. Tiyamike, taganizani munthu amene akuiwerenga. Ali ndi ophunzira ena angapo, ndipo mwezi uno si inu nokha mukupempha. Akamaliza kuwerenga ayenera kutha kulemba "ndavomera" osakufunsaninso kanthu. Pa kalata yanuyi avomera chiyani? Simunanene tsiku limene mukufuna. "Mwamsanga" kwa inu mwina ndi masabata atatu, kwa iwo ndi Lolemba likubwerali. Simunanenenso kuti ntchito yafika pati, ndiye sangasiyanitse inu amene mwacheza kale ndi anthu 8 ndi mnzanu amene sanapondeko pageti.

Tisanakonze mawu, tipatseni madeti. Komiti yoona za kafukufuku inavomera liti? Kundende munalembera liti, anayankha liti? Munakonza zoyamba liti? Ndipo panopa amakulolani kulowa masiku ati?

Tiyamike: Komiti inavomera pa 22 Seputembala. Mawa lake, pa 23, ndinakasiya kalata yopempha chilolezo cha kundende. Ndondomeko imene asupavaiza anasainira inali yoti ndiyambe pa 29 Seputembala, ndimalize pa 17 Okutobala, kenako masabata anayi olemba. Chilolezo chinatuluka pa 13 Okutobala. Amandilola Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko. Pa 14 ndinangodziwana ndi akuluakulu, pa 16 ndinacheza ndi awiri, pa 21 awiri, pa 23 anandibweza chifukwa kunali chipikisheni, lero awiri. Asilikali awiri aja ndinacheza nawo kunja, ataweruka.

aPhiri a ku Matawale: Eya, kalata yeniyeni ndi imeneyi, imene mwalemba panoyi. Tsopano tiwerenge limodzi.

Akaidi otsala ndi 10. Mukutha awiri patsiku, ndiye masiku asanu: pa 30 Okutobala, pa 4, pa 6, pa 11 ndi pa 13 Novembala. Pa maulendo anayi amene munayenera kucheza ndi anthu, umodzi wagwa kale, choncho kungakhale kudzinamiza kuganiza kuti asanu otsalawa onse ayenda. Ikanipo tsiku limodzi lapadera, Lachiwiri pa 18 Novembala. Asilikali awiri otsalawo sadya masiku a mkati chifukwa mumawapeza kunja. Kuchoka pa 19 mpaka pa 25 Novembala mukhala mukusanthula zimene anthu anena, kenako masiku khumi olemba mitu ya zotsatira ndi kukambirana kwake. Mukufika Lachisanu pa 5 Disembala. Kuchoka pa 14 Novembala amenewo ndi masabata atatu ndendende, ndipo ndiwo mupemphe, ndi deti lake.

Koma pali msampha umene kalata yanu yoyamba ikanagweramo. Mwaloza chala pa chilolezo chokha. Chilolezo chinachedwa kuchoka pa 29 Seputembala kufika pa 13 Okutobala, masiku 14. Supavaiza akawerenga pa kalendala adzati: chachedwa masabata awiri, bwanji ukupempha atatu? Chimene chakudyerani nthawi kwambiri si kalatayo, ndi masiku awiri pa sabata aja. Inu munawerengera masiku asanu pa sabata. Zimenezi muzinene poyera, ndipo muvomere kuti pokonza ndondomeko simunafunse kaye za masiku olowera. Kuvomera kumeneku sikukuchotserani malikisi, kumangoonetsa kuti masamu anu atsopano ndi odalirika kuposa akale.

Madala a pa Mpondabwino: Ana inu mukuvutikiranji? Kapezeni kalata ya kuchipatala yoti munadwala malungo, nkhani yatha. Ekisitenshoni imatuluka ndi chidindo cha dokotala, osati masamu.

Nachisale: Ayi madala, mwasokoneza nkhani ziwiri. Kudwala kuli ndi njira yakeyake. Apa mwanayu sanadwale, ndipo dzina lake lili m'buku la pageti la ndende ndi madeti ake. Mafomu a chilolezo amene akaidi akusainira alinso ndi madeti, ndipo supavaiza atha kuwaitanitsa. Munthu wogona ndi malungo amacheza bwanji ndi akaidi pa 21? Akagwidwa, nkhani sikhalanso ya kuchedwa, imasanduka ya chinyengo, ndipo yachinyengo ija siithera mu ofesi ya supavaiza.

Tiyamike, langa ndi chiganizo chija choti "sakundithandiza bwino". Chifafanizeni. Imelo imayenda. Supavaiza atha kuitumiza kwa mkulu wa dipatimenti, mwinanso kuimbira kundende kuti akuthandizeni, n'kuwawerengera mawu anuwo. Inu mukufunikabe kulowa pageti limenelo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Lembani zimene zinachitika ndi madeti ake, osaweruza munthu: ndinapempha pa 23 Seputembala, ndinalandira pa 13 Okutobala. Woŵerenga aona yekha.

Za chipikisheni zija musazilembenso. Ndi nkhani ya chitetezo cha mkati, ndipo inu munalowa polonjeza kuti zimene mwaona mudzagwiritsa ntchito pa kafukufuku basi. Nenani kuti pa 23 Okutobala simunaloledwe kulowa pa zifukwa za ntchito ya ndendeyo. Zakwana.

Chikondi wa ku Chikanda: Koma nanenso ndifunse. Bwanji osangosiya za kundendezo? Anthu amene anamangidwapo kawiri ali mbwee ku Chinamwali ndi ku Sadzi kuno. Kacheze nawo m'makomo, sabata imodzi wamaliza anthu khumi, ngakhale rekoda ugwiritsa ntchito. Ekisitenshoni osaifunanso.

aPhiri a ku Matawale: Maganizowo si oipa, ndipo akanakhala abwino mu Ogasiti, pokonza ndondomeko. Panopa chimene chikutsekereza ndi pepala la komiti. Komiti siinavomere mutu wokha. Inavomera kuti acheza ndi ndani, kuti, awapeza bwanji, ndipo fomu ya chilolezo inena chiyani. Kuchoka kwa akaidi a mkati kupita kwa anthu otuluka a m'makomo ndi kusintha kwakukulu, ayenera kulemba pempho losintha ndondomeko n'kudikira yankho, ndipo kudikirako kutha kudya masabata omwewo amene akuthawa. Akapita osapempha, zimene atole zitha kukanidwa zonse.

Palinso funso loti anthu amenewo awadziwa bwanji. Akafunsa amfumu kapena a chitetezo cha m'mudzi kuti ndani kuno anamangidwapo kawiri, waulula kale munthu asanamupemphe n'komwe. Ndipo wophunzira wamkazi yekha kugogoda m'makomo a anthu osawadziwa, komiti iliyonse ifunsa kuti chitetezo chake chili pati.

Chimene chili chopepuka ndi kuchepetsa chiwerengero, anthu ake omwewo, malo omwewo. Akatsika kuchoka pa akaidi 16 kufika pa 12, otsala ndi 6, masiku atatu: pa 30 Okutobala, pa 4 ndi pa 6 Novembala, lapadera pa 11. Lipoti litha kuperekedwa pa 28 Novembala. Njira yachiwiri imeneyi ilowe m'kalata, chifukwa supavaiza amene sangathe kupereka masabata atatu apeze china choti avomere m'malo mongokana.

Nachisale: Apa pokha ndikusiyana nanu aPhiri. Mukamuikira munthu mitengo iwiri patebulo amatola wotsika. Akalemba 28 Novembala m'kalata yomweyo, ndiye tsiku limene apatsidwe, ngakhale 5 Disembala inali yotheka. Ine ndikanati apemphe limodzi, lachiwirilo alisunge m'thumba, alitulutse akakanidwa.

aPhiri a ku Matawale: Pamsika ndi choncho mayi, koma apa nthawi yotsatsana palibe. Imelo imodzi itha kugona masiku atatu anayi isanayankhidwe. Akanidwe pa 3 Novembala, alembenso, yankho lifike pa 7, ndiye kuti wakhala sabata ndi theka osadziwa ngati akusaka anthu 10 kapena 6. Ndiponso kusankha pakati pa 16 ndi 12 ndi nkhani ya ukadaulo wa kafukufuku, supavaiza ayenera kuikapo mawu. Mwina ataona manotsi a anthu 6 oyambawa anena kuti nkhani zayamba kale kubwerezabwereza, 12 akwana.

Nachisale: Kapena anena kuti 12 achepa chifukwa onse 6 oyambawa ndi a milandu ya kuba, wa mlandu wina palibe. Ndikuti alembe lachiwirilo ngati funso lopempha malangizo, lisaoneke ngati mtengo wotsitsa.

Yamikani: Pepani ndalowa mochedwa. Ine ndikuona ngati masamuwo mwaiwala kutaipa zojambula. Ola limodzi la mawu a pa rekoda limadya maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulitaipa, osawerengera kutembenuza kupita m'Chingerezi. Anthu 20 ndi sabata ziwiri zathunthu zimenezo. Ine yanga ya ku Songani inandipweteka pomwepo. Apemphe masabata asanu.

Tiyamike: Achimwene, foni ndi rekoda zimatsala pageti. Ndimalowa ndi kope ndi bolopeni basi.

Nachisale: Ndiye za Yamikani zikukhudza asilikali anayi okha aja, ngati anavomera kujambulidwa. Koma wakumbutsa chinthu. Manotsi a pamanja amaola msanga kuposa tomato. Pocheza mumalemba zidutswa, mawu atatu apa, muvi apo. Mukapanda kuwatambasula tsiku lomwelo, pofika Loweruka simudziwanso kuti "anabwera chifukwa cha alamu" akutanthauza kuti alamuwo anamuneneza kupolisi kapena anakabera limodzi. Choncho masana a Lachiwiri ndi Lachinayi ndi otanganidwa kale: munthu mmodzi amatenga maola awiri kapena atatu kuti mumulembe bwino ndi kumutembenuza, awiri ndiye mpaka usiku, magetsi akalola. Mukakhala kuti mukuchita zimenezi, nenani m'kalata kuti manotsi a anthu 8 onse ndi otaipa kale. Ndi chiganizo chimene chimatsimikizira supavaiza kuti pa 19 Novembala mudzayambadi kusanthula, osati kuyamba kuwerenga zolemba zanu zomwe.

Tiyamike: Asanu ndi mmodzi ndinataipa. Awiri a lerowa ndikuchita usiku uno.

aPhiri a ku Matawale: Malizani kaye, kenako mutumize mawa m'mawa mutalemba 8 mosanama. Nayi momwe ndikanaikonzera, mukaitembenuze nokha m'Chingerezi. Pamutu pa imelo pakhale dzina la kosi, nambala yanu ya sukulu ndi mawu oti pempho loonjezera masiku kufika pa 5 Disembala, kuti akamadzaifuna pakati pa maimelo ena asavutike.

"Okondedwa Adokotala, ndikupempha kuti tsiku loperekera lipoti langa la kafukufuku lisunthe kuchoka pa 14 Novembala kufika pa 5 Disembala.

Malinga ndi ndondomeko imene munavomera, ndinayenera kutolera uthenga kuyambira pa 29 Seputembala mpaka pa 17 Okutobala. Komiti inavomera kafukufukuyu pa 22 Seputembala, ndinapempha chilolezo cholowera m'ndende pa 23, ndipo ndinachilandira pa 13 Okutobala. Chilolezochi chikundipatsa Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa mokha, pamene ine ndinawerengera masiku asanu pa sabata osayamba ndafunsa. Nthawi imeneyi imandikwanira kucheza ndi anthu awiri patsiku.

Pofika pa 28 Okutobala ndacheza ndi anthu 8 mwa 20, ndipo manotsi awo onse ndataipa. Mitu itatu yoyambirira ya lipoti ndamaliza, ndaiphatika pa imelo ino. Ndikuyembekeza kumaliza kucheza ndi anthu pa 18 Novembala, kusanthula pofika pa 25, ndi kupereka lipoti pa 5 Disembala.

Ngati tsikuli silingatheke, ndikupempha malangizo anu ngati ndingachepetse akaidi kuchoka pa 16 kufika pa 12, zomwe zingandilole kupereka pa 28 Novembala. Ndaphatikanso kalata ya komiti ndi ya chilolezo. Ngati pali fomu yoti ndidzaze kapena ofesi ina yoti ndilembere, chonde ndiuzeni. Ndingathe kubwera ku ofesi kwanu Lachisanu lino."

Za mitu itatu yoyambirirayo ndangoganiza. Ngati simunamalize, lembani zoona zake, "iwiri ndamaliza, wachitatu uli pakati". Onaninso kuti pempho lili m'chiganizo choyamba. Ambiri amaliika kumapeto, atayamba ndi mbiri yonse kuchokera pa tsiku limene anasankha mutu.

Chikondi wa ku Chikanda: Yatalika koma ikumveka. Nanga umboni woti wachezadi ndi anthu 8? Ajambule mafomu osainidwa aja aphatike, pasakhale kukayikira.

Nachisale: Ayi ayi, chimenecho ndiye choletsedwa kwambiri pa zonse zanenedwa pano. Fomu ili ndi dzina la mkaidi, siginecha kapena chidindo cha chala chake. Anauzidwa kuti dzina lake silituluka. Likalowa pa imelo lakhala pa foni, pa laputopu, kwa aliyense amene atumiziridwe. Mafomu akhale mu envulopu yotsekedwa, supavaiza akawafuna akawaonere pamaso mu ofesi. Umboni wokwanira ndi kandandanda kakang'ono: deti, nambala yachinsinsi ngati K1, K2 mpaka K6, ndi mphindi zimene kucheza kunatenga. Osalembapo mlandu, msinkhu kapena mudzi, chifukwa "wa zaka 24, wakuba njinga, wa kwa Jali" ndi dzina kale kwa munthu wodziwa ndendeyo.

Ndipo Tiyamike wachita bwino osatchula ndende yake pagulu pano. Boma la Zomba lili ndi ndende zingapo, yaikulu ya m'tauni ija, ya Mikuyu, ya Domasi, ya Mpyupyu, choncho "ndende ina ya m'boma la Zomba" imabisadi kanthu. Supavaiza akuidziwa kale, safunika kukumbutsidwa m'thupi la imelo.

Koma tatsegulani kalata ya chilolezoyo muiwerengenso mpaka pansi. Makalata otere kawirikawiri amanena kuti mwaloledwa kuyambira tsiku lakuti mpaka tsiku lakuti. Yanu ikuti bwanji?

Tiyamike: Mayo ine. Ikuti kuyambira pa 13 Okutobala mpaka pa 14 Novembala. Sindinaiganizire n'komwe.

Nachisale: Ndiye tsiku lapadera la pa 18 lili kunja kwa mpanda. Masiku asanu enieni aja akukwana, lomaliza ndi pa 13, koma likagwa limodzi lokha mulibe pobwezera. Makalata ndi awiri tsopano: ya kwa supavaiza, ndi ina ya kundende yopempha kuti chilolezo chifike mwina pa 21 Novembala. Yachiwiriyi imayenda bwino ikakhala pa pepala la dipatimenti ndi siginecha ya supavaiza, ndiye muipemphe mu imelo yomweyi, chiganizo chimodzi. Poona kuti yoyamba inatenga masiku 20, iyi ipite sabata ino. Mufunsenso Lachinayi kwa amene amakulandirani ngati mkulu wa pandende pomwepo angathe kuonjezera masiku ochepa yekha, kapena mpaka ibwerere komwe inachokera. Mukafunsa mwaulemu za tsiku lachitatu pa sabata, Lachitatu mwachitsanzo, mwina vuto lonse lichepa, ngakhale musalidalire. Mvula ikayamba, m'ndende zimene zili ndi minda akaidi ambiri amatuluka m'mawa kukalima, ndipo amene munamukonzera mutha kumupeza kulibe, kapena wasamutsidwa.

Yamikani: Funso lina, kodi supavaiza ali ndi mphamvu yopereka masabata atatu? Ine ndimadziwa kuti akapitirira sabata imodzi zimapita kwa a Dini.

aPhiri a ku Matawale: Zimasiyana sukulu ndi sukulu, ngakhale dipatimenti ndi dipatimenti, ndiye lamulo la sabata imodzilo musalitenge ngati la paliponse. Pepala la ndondomeko ya kosi limene munalandira poyamba semesita ndi buku la malamulo a ophunzira ndi zimene zinena kuti wovomera ndani, ndiponso kuti wochedwa popanda chilolezo amadulidwa malikisi angati. Kumene kuli kodineta wa kafukufuku, muikeni pa kope ya imelo. N'chifukwa chake ndaika chiganizo chofunsa za fomu chija. Ndipo akakuyankhani pakamwa pakhonde kuti "palibe vuto", bwererani mukalembe imelo yaifupi yothokoza yotchula deti limene mwagwirizana. Pa tsiku lolowetsa malikisi, mawu a pakhonde sapezeka mu faelo.

Malire enieni ndi mayeso. Tiyamike, akuyamba liti? Malikisi a ntchito ya m'kalasi kawirikawiri amafunika alowe mayeso asanayambe kapena atangotha, ndipo supavaiza afunika masiku oti achonge.

Tiyamike: Pa 8 Disembala, Lolemba.

aPhiri a ku Matawale: Ndiye 5 Disembala ikukhudza khoma. Mupereka Lachisanu, Lolemba muli m'chipinda cha mayeso, ndipo masiku khumi olemba aja ndi omwewo owerengera mayeso. Apa ndayamba kupendekera ku 12 ndi 28 Novembala, osati ngati njira yachiwiri koma yoyamba.

Nachisale: Ine ayi, mpaka titadziwa kuti 6 oyambawa ndi anthu amtundu wanji. Ngati onse ndi a milandu yofanana, 12 apereka lipoti lopyapyala, ndipo malikisi amene wapulumutsa pa nthawi awataya pa zotsatira. Tiyamike, osatiuza pano za milandu yawo. Kawauzeni asupavaiza Lachisanu, kope lili m'manja.

Tiyamike: Ndamva. Ndisiya 5 Disembala pamwamba, 28 Novembala ngati funso, ndionjezera chiganizo chopempha kalata ya kundende ndi china chonena kuti mayeso akuyamba pa 8. Kandandanda ka K1 mpaka K6 ndikapanga ndikamaliza kutaipa awiri a lerowa. Chimodzi chokha: kalata ya chilolezo ili ndi dzina ndi siginecha ya bwana amene anasaina, komanso dzina la ndende. Ndiphatike momwemo kapena ndiphimbe?

Nachisale: Kwa supavaiza yekha phatikani momwemo, ndi kalata ya ofesi ndipo afunika dzinalo polemba yachiwiri ija. Ngati mukuika kodineta pa kope, ichotseni pa imelo, mungolemba kuti mubwera nayo pamanja Lachisanu.